Kalata yopempha kubwererana ndi mnzanu wa m'banja: kalembedwe kake popanda kuchonderera kapena kuloza chala

Ndayimirapo mabanja angapo ngati nkhoswe kuno ku Blantyre, ndipo pali funso limodzi lomwe limabwera mobwerezabwereza, kuchokera kwa abambo ndi kwa amayi omwe: "Tapatukana miyezi ingapo, foni sakundiyankha, ndikufuna ndiwalembere kalata. Ndilembemo chiyani?" Yankho lake ndi lalitali, silokwana kulifotokoza titaima panja pa tchalitchi, choncho ndalilemba pano.

Musanagwire cholembera, dziwani ntchito ya kalatayi. Kalata siibweza munthu pakhomo, ndipo siweruza mlandu. Ntchito yake ndi yakuti mnzanuyo avomere kukhala nanu pansi kamodzi, mukambirane. Makalata ambiri amene ndawaona akulephera ndi aja ofuna kumaliza nkhani yonse papepala. Ena amadzaza misozi mpaka wowerenga kutopa, ena amadzaza milandu mpaka wowerenga kupsa mtima.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze banja lina la ku Ndirande. Bambo ndi wowotcherera zitsulo, mayi amagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo mwana wawo woyamba timutche Chisomo. Bamboyo anatenga katapila wa K400,000 mkazi wake asakudziwa. Atapanikizika anatapanso mpamba womwe mayiyo anakongola ku banki m'khonde. Mayi anadziwa zonsezi tsiku lomwe eni katapila anabwera kudzanyamula firiji, aneba atadzaza pamsewu kuonerera. Usiku womwewo panatuluka mawu owawa mbali zonse, ana akumva. M'mawa mwake mayi anatenga ana n'kupita kwa mayi awo ku Bangwe. Tsopano patha miyezi isanu, ndipo bambo akufuna kulemba.

1. Onani kaye ngati kalata ili yoyenera

Kukhala kosiyana miyezi ingapo sikuthetsa ukwati. Pamwambo wathu ukwati umatha ankhoswe akakhala pansi n'kusudzulana, ndiye kuti kumasulana poyera kuti aliyense ayende yake, ndipo pamalamulo ndi khoti lomwe limauthetsa. Ngati zimenezi sizinachitike, munthu amene mukumulemberayo akadali mkazi kapena mwamuna wanu, ndipo kumulembera si cholakwika.

Pali nthawi zina pomwe kalata siyenera kulembedwa n'komwe. Ngati mnzanuyo anachoka chifukwa munkamumenya kapena kumuopseza, kalata yanu, ngakhale ikome bwanji, idzamufika ngati chiopsezo china. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti wochita nkhanza asayandikire kapena kulumikizana ndi wozunzidwayo. Ngati chiletso chotere chilipo, kalata ikhoza kukuikani pamlandu. Ndipo ngati ndinu amene munkamenyedwa, abale n'kumakukakamizani kuti mulembe chifukwa "banja ndi kupirira", musalembe. Yambani mwalankhula ndi apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Malangizo otsatirawa ndi a mabanja amene anapatukana pa nkhani za ndalama, chibwenzi, achibale kapena mikangano ya pakamwa.

2. Lembani kalata yoyamba yosatumiza

Tengani kope, mulembemo zonse zili kukhosi: mmene anakunyozerani pamaso pa aneba, mmene apongozi sanakuyankhireni moni, mmene nyumba yazizirira. Musasankhe mawu. Mukamaliza tsekani kopelo, papite masiku awiri kapena atatu. Mukadzaliwerenganso mudzaona nokha kuti muli zinthu ziwiri zosakanizika, zimene munalakwa inu ndi zimene munalakwiridwa. Zolakwa zanu ndizo zidzalowe m'kalata yeniyeni. Zimene munalakwiridwa zisungeni, nthawi yake ikubwera. Pepala loyambalo ling'ambeni, lisadzagwere m'manja mwa munthu.

3. Moni ukhale wamasiku onse

Muitaneni monga munkaitanirana pa masiku abwinobwino. Ngati pakhomo munkati "mayi a Chisomo" kapena "bambo a Chisomo", lembani chomwecho, ndipo gwiritsani ntchito "inu". Mayina achikondi omwe munasiya kalekale kuitanirana adzamveka achinyengo akatulukira lero. Moni ukhale mzere umodzi kapena iwiri, wofunsa za moyo wawo, wa ana ndi wa akuluakulu omwe akuwasunga. Kenako nenani msanga chomwe mwalembera. Munthu wokwiya akawerenga theka la tsamba asanaone mutu wa nkhani amayamba kuganiza kuti mukumutchera msampha.

4. Kuvomera mbali yanu

Apa ndi pomwe makalata ambiri amagwera, ndipo pafunika kukhalitsapo. Anthu ambiri amaganiza kuti akalemba "pepani" ndiye kuti apepesa. Taonani mmene bambo wa ku Ndirande uja angalembere atangoyamba:

"Ngati ndinakulakwirani penapake, mundikhululukire. Zomwe zinachitika zija zinachitika, tonse ndife anthu, ndipo satana ndi amene analowerera banja lathu."

Mayi a Chisomo akawerenga izi aona kuti mwamuna wawo sanatchule kanthu. Akunena ngati sakudziwa chomwe analakwa, pomwe firiji inatuluka m'nyumba dzuwa likuswa mtengo. Mlandu waupereka kwa satana ndi kwa "tonse". Mayiyo amva kuti munthu amene anamubisira ngongole akubisabe.

Ena amatchula cholakwacho bwinobwino, kenako n'kuchifufuta ndi chifukwa:

"Ndinatengadi mpamba wanu, koma mukudziwa kuti ntchito sinkayenda, ndipo inunso simunkafuna kundimvetsera ndikamakuuzani za mavuto anga."

Chiganizochi chayamba ngati kupepesa koma chathera pa kuimba mlandu. Wowerenga amakumbukira mbali yomalizayo, ndipo yankho lake lidzakhala lodziteteza. N'kutheka kuti ntchito sinkayendadi. N'kuthekanso kuti mayiyo anali wouma mtima pa nkhani za ndalama. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma zikayandikana ndi "pepani" zimamuchotsa mphamvu yonse.

Palinso njira ina yolakwika yomwe anthu amaiyesa kudzichepetsa:

"Ndine munthu wachabechabe, sindikudya, sindikugona, popanda inu ine moyo wanga watha. Chonde ndagwira mwendo wanu."

Uku n'kuchonderera, ndipo kumasenzetsa mnzanu katundu yemwe si wake. Iye ndi amene anapwetekedwa, koma tsopano akuuzidwa kuti asamalire mtima wanu. Amayi ena amabwereradi chifukwa cha chisoni, koma wobwerera mwachisoni sachedwa kumanganso katundu, popeza chomwe chinamuchotsa sichinakhudzidwe. Choopsa kwambiri ndi kulemba kuti mudzipha akapanda kubwera. Mawu amenewo asapezeke m'kalata. Ngati maganizo otere akukubwererani zenizeni, uzani munthu yemwe mumamukhulupirira lero lomwe ndipo pitani kuchipatala, monga ku Queen Elizabeth, komwe kuli madokotala othandiza pa matenda a maganizo. Imeneyo ndi nkhani ya moyo wanu, ndipo isadikire yankho la kalata.

Kuvomera kwenikweni kuli ndi mbali ziwiri. Yoyamba, tchulani chomwe munachita ndi dzina lake, inuyo mukhale wochita m'chiganizocho: "ndinatenga", "ndinabisa", "ndinanama". Yachiwiri, yomwe ambiri amaidumpha, tchulani chomwe chinagwera mnzanuyo chifukwa cha zochita zanu. Kuti mupeze mawu ake, dzifunseni kuti iyeyo akamafotokozera mchemwali wake nkhaniyi amati chinamupweteka kwambiri n'chiyani. Kawirikawiri sichikhala chomwe inu mukuganiza. Bambo wa ku Ndirande akuganiza kuti nkhani ndi ndalama. Kwa mayiyo nkhani ndi manyazi: kuima pamaso pa amayi anzake a ku banki m'khonde wopanda chobweza, ndi kumva za ngongole ya m'nyumba mwake kuchokera kwa anthu apamsewu. Choncho alembe motere:

"Ndinatenga katapila osakuuzani, ndipo nditapanikizika ndinatapa mpamba wanu. Munandifunsa kawiri, ine ndinakana. Chifukwa cha ine munachita manyazi kwa anzanu a ku banki m'khonde, ndipo katundu wathu anatuluka m'nyumba aneba akuona. Ndinalakwa, pepani."

Ikani mpumiro pomwepo ndipo musawonjezere kanthu. Dzanja lidzafuna kulemba chifukwa chake, liletseni. Munthu akawerenga ululu wake utafotokozedwa molondola ndi yemwe anamupweteka, amadziwa kuti wamvedwa, ndipo n'chimene chimamupangitsa kupitiriza kuwerenga.

Tchulani cholakwa chimodzi kapena ziwiri zomwe zinagwetsadi banja. Mukayamba kufukula zonse kuyambira tsiku la chinkhoswe, kalata isanduka yolira. Ndipo musaulule m'kalata chinthu chatsopano chomwe mnzanuyo sakuchidziwa, monga mwana wa kunja. Nkhani yotere imafuna pamaso ndi pamaso, ankhoswe ali pomwepo.

5. Zomwe iyenso analakwa

Funso lomwe limatsatira nthawi zonse ndi lakuti, "Nanga zomwe anandichita ineyo, ndingozimeza?" Ayi, musazimeze. Mukalemba ngati inu mulibe chodandaula, ndiye kuti mwanama, ndipo mkwiyowo udzaphulika sabata yachiwiri mutabwererana. Chofunika n'kungosonyeza kuti nkhani zilipo, osazitambasula. Chiganizo chimodzi n'chokwanira: "Nanenso ndili ndi zina zomwe zinandipweteka usiku uja, ndipo ndikufuna tidzazikambe tikadzakhala pansi, inunso mudzanene zanu." Mwanena zoona, koma simunaloze chala.

Nthawi zina wolembayo si amene analakwa kwambiri. Mwachitsanzo, mayi anachoka atagwira mwamuna wake ndi chibwenzi, ndipo patapita miyezi akuona kuti akufunabe kuyesa. Mayi wotere asapeke zolakwa zoti apepese pofuna kufewetsa mtima wa mwamunayo. Anene chomwe chinamuchotsa m'mawu ochepa, osatukwana mkazi winayo kapena kumutchula dzina, kenako anene chomwe akufunika kuona: "Ndinachoka chifukwa cha chibwenzi chija, ndipo sindingakhale m'banja la anthu atatu. Ngati nkhani imeneyo munaithetsa, ndili wokonzeka kuti tikambirane." Awa ndi malire. Akunena za iye mwini ndi chomwe angathe kupirira, ndipo mwamunayo wasiyiridwa mpata woyankha.

6. Lembani zomwe mwachita kale

Malonjezo mnzanuyo anawamva kale kambirimbiri. "Ndasintha" sizitanthauza kanthu kwa munthu yemwe sakukuonani. Lembani chinthu chomwe angathe kuchitsimikiza popanda kudalira mawu anu. Bambo wathu uja anene kuti pa K400,000 ija wabweza zingati, yatsala ingati, ndipo ndani anaona akubweza. Ngati vuto linali mowa, nenani kuti mwatha nthawi yaitali bwanji osamwa, ndipo ndani angakuchitireni umboni. Ngati linali la achibale odzaza m'nyumba, nenani zomwe mwakambirana nawo kale. Musakometse. Blantyre ndi wamkulu koma nkhani zimayenda pa minibasi, ndipo bodza la m'kalata limagwidwa lisanagone. Ngati simunachitepo kanthu, kalata idikire kaye, mukayambe mwachita.

7. Pemphani chinthu chimodzi chaching'ono

Musalembe kuti "bwererani kunyumba". Kwa munthu amene wakhala kwina miyezi isanu, limenelo ndi phiri, ndipo yankho lapafupi ndi "ayi". Pemphani kukumana kamodzi. Tchulani malo omwe iye angakhale womasuka, monga kwa nkhoswe wa mbali yake kapena kwa abusa kapena shehe amene nonse mumawalemekeza. Kunyumba kwanu ayi, chifukwa kumeneko ndi komwe zinachitikira. Tsiku mumusiyire asankhe yekha. Kenako nenani momveka kuti ali ndi ufulu wokana kapena wopempha nthawi. Musaike tsiku lomalizira, ngati kuti "pofika pa 30 mukapanda kuyankha ndidziwa chochita", chifukwa pempho likatero lasanduka lamulo.

Ana ndi ndalama zisakhale nyambo. Kulemba kuti "ana akuvutika chifukwa cha inu" ndi kuloza chala, ndipo kulemba kuti "mukabwera ndilipira fizi" ndi kugula munthu. Kusamalira ana ndi udindo wa makolo onse awiri kaya ali limodzi kaya ayi, ndipo lamulo loteteza ndi kusamalira ana la 2010 limanena zomwezo. Ngati munasiya kutumiza thandizo, yambiraninso musanalembe. Ngati mukutumiza, mzere umodzi wonena kuti sizidzasiya, yankho likhale lotani, umachotsa mantha ambiri.

Kalata yonse ya bambo uja ikhoza kuoneka motere:

"Mayi a Chisomo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndiponso amayi kumeneko. Ndalemba kuti ndipemphe mpata woti tikambirane za banja lathu.

Ndinatenga katapila osakuuzani, ndipo nditapanikizika ndinatapa mpamba wanu. Munandifunsa kawiri, ine ndinakana. Chifukwa cha ine munachita manyazi kwa anzanu a ku banki m'khonde, ndipo katundu wathu anatuluka m'nyumba aneba akuona. Ndinalakwa, pepani.

Ngongole ya katapila ndakhala ndikubweza mwezi ndi mwezi, yatsala K90,000. Malume anga amakhalapo ndikamapereka, mukhoza kuwafunsa. Mpamba wanu sindinaubweze, ndipo ndikufuna tigwirizane kabwezedwe kake ankhoswe akumva. Nanenso ndili ndi zina zomwe zinandipweteka usiku uja, koma tidzakambe tikadzakhala pansi, inunso mudzanene zanu.

Ine banja lathu ndikulifunabe. Pempho langa ndi loti tikumane kamodzi kwa achimwene anu ku Bangwe, tsiku lomwe mungasankhe. Ngati simunakonzeke, ndimva ndipo sindikuvutitsani. Ndalama ya ana ipitiriza kubwera monga mwa masiku onse, yankho lanu likhale lotani.

Ndine,
Bambo a Chisomo"

Onani kuti yakwana tsamba limodzi. Onaninso mzere wakuti "banja lathu ndikulifunabe". Ena poopa kuoneka ochonderera amalemba kalata youma ngati ya kuofesi, mnzawo n'kulephera kudziwa ngati akufunidwa. Nenani kamodzi, momveka, osabwereza.

8. Iwerengeni ndi maso a ena

Iwerengeni mokweza muli nokha. Paliponse pomwe chiganizo chayamba ndi "munachita", "munanena" kapena "nthawi zonse mumatero", imani muone ngati simukuimba mlandu. Mavesi onena za kukhululuka kapena kugonjera achotseni, chifukwa m'kalata yotere amamveka ngati mukukwapula mnzanu ndi Baibulo. Kenako ipatseni munthu mmodzi wokhwima maganizo yemwe saopa kukudzudzulani. Mnzanu wapamtima amene wakhala akukuuzani kuti inu simunalakwe sangakuthandizeni pano.

Kumbukiraninso kuti kalatayi mwina idzawerengedwa ndi apongozi, alamu ndi ankhoswe, ndipo ukwati ukadzafika kukhoti ikhoza kudzatuluka. Za kuchipinda musalembemo, ndipo musanyozemo wachibale aliyense.

9. Kaperekedwe

Lembani pamanja, ngakhale zolemba zanu zisakongole, muike mu envulopu n'kumata. Njira yabwino ndi kudzera kwa ankhoswe. Nkhoswe ndi wachibale amene anaimira mbali yanu pomanga ukwati, ndipo ntchito yake sithera pa tsiku la chinkhoswe: banja likagwedezeka, iye ndi mnzake wa mbali inayo ndi amene amalikhazika pansi. Patsani nkhoswe wanu kalatayo, iye akapereke kwa nkhoswe wa mbali inayo. Mukatero akuchikazi kapena akuchimuna aona kuti simukuwazemba. Ngati nkhoswe wanu anamwalira, ali kutali, kapena ndi mmodzi mwa omwe anakoleza moto, pemphani malume kapena mkulu wa mpingo.

Mwana musamutume, ngakhale akhale wamkulu. Yankho likakhala loipa adzaganiza kuti walephera ndi iyeyo. Musapitenso nokha kukaima pa benchi ya kaunjika ku Limbe kapena pageti la kuntchito, chifukwa munthu wodzidzimutsidwa pagulu amakana pofuna kuteteza ulemu wake. Ngati mnzanuyo ali kutali, monga ku Joni, lembanibe papepala, mujambule, mutumize pa WhatsApp kamodzi kokha. Mukangoyamba kulemba pafoni pomwepo, uthenga umodzi umabala khumi, ndipo wachikhumiwo umakhala wamkwiyo.

10. Kudikira

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Perekani masabata awiri kapena atatu osaimba, osatumiza anthu ena, osalemba mawu okuluwika pa Facebook. Munalemba kuti simuvutitsa, ndipo mnzanuyo akuyang'ana ngati lonjezo loyambali mulisunge.

Yankho likabwera laukali, musathamangire kuliyesa kukana. Munthu amene wakhala pansi n'kulemba masamba awiri a mkwiyo akadali ndi zoti akuuzeni. Musayankhe mfundo ndi mfundo. Nenani kuti mwamva, ndipo pempho lokumana likadalipo. Akavomera kukumana, pitani kukamvetsera, ndipo musayembekezere kubwerera naye tsiku lomwelo. Nkhani zomwe munasunga pa sitepe yachiwiri zija malo ake ndi amenewa. Pomweponso gwirizanani zokayezetsa magazi limodzi musanayambirenso kukhalira pamodzi. Nenani kuti mupita nonse awiri, kuti lisamveke ngati mukukayikira mmodzi.

Pakakhala zii, funsani kamodzi kudzera kwa nkhoswe yemwe uja ngati kalata inafika m'manja mwa mwini wake, chifukwa nthawi zina achibale amaisunga. Ngati inafika ndipo yankho ndi lakuti ayi, kapena palibe yankho, musalembe yachiwiri. Thandizo la ana lipitirire, ndipo zotsalazo zisiyeni m'manja mwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akhale pansi aone ngati pakufunika nthawi ina kapena nkhani ipite kukhoti.